Matewera ochapa kapena mapampasi: mwana wakhanda, ndalama zili zochepa

Nabanda:
Moni nonse, makamaka inu ntchembere amene munadutsa kale njirayi. Ndili woyembekezera mwana wanga woyamba, ndipo kusikelo andiuza kuti ndiyembekezere kuchira chakumapeto kwa Januwale. Ine ndi bambo a kunyumba tikukhala m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi ku Ndirande, madzi timagula pa kiyosiki, ndipo chingwe choyanikira zovala timagawana ndi mabanja ena atatu a pa malo omwewo. Ndalama zimene tasunga zogulira katundu wa mwana n'zochepa, moti ndikalakwitsa pogula sindidzakhala ndi pobwerera. Apongozi anga akunena kuti ndigule matewera ochapa basi, chifukwa ana awo onse anakulira mmenemo, pamene anzanga a kuntchito akuti masiku ano palibe amene amachapa matewera, ndingogula mapampasi ndi mawaipusi. Ndikupempha kuti mundithandize ndi zinthu zenizeni: mwana wakhanda amafuna angati pa tsiku, ndigule angati ndisanapite kuchipatala, nanga mawaipusi ndi ofunikadi kapena ndingathe kukhala opanda? Amayi anga abwera kudzandithandiza kwa mwezi umodzi wokha, kenako adzabwerera kumudzi kukapalira.

Mayi a Chisomo:
Anabanda, apongozi anu sanalakwe, koma anangokuuzani theka la nkhani. Ine ndalera ana atatu ndi matewera ochapa, ndipo matewera amene ndinagulira woyamba ndi omwewo amene anagwiritsa ntchito wachiwiri, ndinangowonjezera ochepa pa wachitatu. Ubwino wake wagona pamenepo, kuti mumatulutsa ndalama kamodzi. Koma musagule dazeni imodzi yokha poganiza kuti ikwana. Khanda la masabata oyambirira limanyowetsa thewera pafupifupi nthawi iliyonse likayamwa, ndipo matewera 12 amatha tsiku lisanathe, inu n'kutsala mukuyang'ana pa chingwe ngati auma. Chiwerengero chabwino ndi madazeni awiri, kuti ena akhale pa mwana, ena m'ndowa, ena pa chingwe. Mugulenso mapini akuluakulu okhala ndi chotsekera kumutu, timakabudula ta pulasitiki titatu kapena tinayi ta saizi yaing'ono, ndi ndowa ya chivindikiro imene sidzagwiranso ntchito ina m'nyumbamo.

Pogula, thewera mulitambasule n'kuliyang'anitsa kudzuwa. Ngati mukuona kuwala kukudutsa mosavuta, ndiye kuti ndi lopyapyala, silidzasunga mkodzo ndipo lidzang'ambika pa malo obayapo pini. Musanawagwiritse ntchito muwachape kawiri kapena katatu, chifukwa thewera latsopano silimwa madzi bwino mpaka litachapidwa.

Bambo a Takondwa:
Mundilole ndiyankhepo ngakhale ndine mwamuna, popeza kwathu amene amagula zinthuzi ndine. Nkhani ya mtengo musaiyang'ane pa paketi, muziiyang'ana pa pampasi imodzi. Mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, makamaka kuyambira pamene kwacha inagwa mu Novembala 2023, popeza mapampasi ambiri amachokera kunja, choncho ndingopereka chitsanzo chongoyerekeza, inu mudzaikepo mtengo wa tsiku limene mukugula. Tiyerekeze kuti pampasi imodzi ndi K500. Khanda likamasinthidwa maulendo 10 pa tsiku, pa mwezi pamafunika mapampasi 300, zomwe ndi K150,000 mwezi woyamba wokha, mawaipusi tisanawerengere. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu chiwerengerocho chimatsika, koma saizi ikamakwera, paketi ya mtengo womwewo imakhala ndi mapampasi ocheperapo, moti ndalama sizitsika kwenikweni mmene munthu amayembekezera.

Kumbali ya matewera ochapa muwerengenso moona mtima, chifukwa si aulere mukangowagula. Pali sopo, pali madzi a pa kiyosiki, pali makala otenthetsera madzi ndi ositira. Kwa ife, amene timatunga pa mjigo osalipira pa ndowa, kusiyana kwake kunali kwakukulu kwambiri. Kwa inu amene mumagula madzi kusiyanako kuchepako, koma sindikhulupirira kuti madzi ndi sopo za mwezi umodzi zingafike ngakhale pa theka la mtengo wa mapampasi 300. Chinanso, kugula imodziimodzi pa okala kumaoneka kopepuka m'thumba, koma mukagawa mtengo wa paketi yaikulu ndi chiwerengero cha mapampasi amene alimo, nthawi zambiri mudzapeza kuti wa pa okala uja mukumulipira zambiri.

Nankhoma:
Bambo a Takondwa, masamu anuwo akuopseza munthu pachabe. Ndani amene amasintha pampasi maulendo 10 pa tsiku? Ubwino wa pampasi ndi woti imamwa mkodzo wambiri mwana osanyowa. Wanga ali ndi miyezi 9, ndipo ndimagwiritsa ntchito zitatu basi, ya m'mawa, ya masana ndi ya usiku, ndipo alibe vuto lililonse. Mukatero pa mwezi ndi 90 zokha, osati 300. Anabanda, kuchapa matewera muli ndi chilonda cha uchembere, mvula ya Januwale ikugwa, si chinthu chimene ndingakufunireni.

Anaphiri, namwino wopuma pa ntchito:
Anankhoma, pa za mvula ndi chilonda mwanena zoona, ndipo ndibwererapo. Koma mwana wa miyezi 9 ndi khanda la sabata imodzi ndi anthu awiri osiyana. Khanda loyamwa bere lokha limachita chimbudzi kawirikawiri, ena pafupifupi nthawi iliyonse akayamwa, ndipo amayamwa maulendo 8 mpaka 12 pa tsiku. Pampasi imamwa mkodzo, koma chimbudzi sichimwedwa, chimakhala pakhungu. Chimbudzi chikasakanikirana ndi mkodzo n'kukhala maola angapo pa khungu lanthete, mwana amasupuka matako, ndipo ndalama zimene munapulumutsa pa pampasi mudzazisiya kogula mankhwala. Choncho chiwerengero cha 8 mpaka 12 pa tsiku m'masabata oyamba n'choona, kaya ndi thewera lochapa kaya ndi pampasi. Ngakhale kwa wanuyo, zitatu pa tsiku n'zochepa, mwina khungu lake langokhala lolimba.

Anabanda, ndikufotokozereni mmene sabata yoyamba imayendera, chifukwa ndi imene ingakuthandizeni kusankha. Masiku awiri kapena atatu oyamba mwana amatulutsa chimbudzi chakuda, chomata ngati phula, chovuta kuchotsa pa nsalu. Kenako chimasanduka chobiriwirako, ndipo pofika tsiku lachisanu chimakhala chachikasu, chamadzimadzi, chokhala ndi timibulu. Chachikasucho sichivuta kuchapa konse, chimachoka ndi madzi ndipo banga lotsala dzuwa limalichotsa. Nchifukwa chake ndimati ngati muli ndi ndalama ya paketi imodzi kapena awiri okha a mapampasi, muigwiritse ntchito pa masiku a kuchipatala ndi sabata yoyamba, pamene chimbudzi chili chomata, inu muli wofooka, ndipo ku wodi kulibe malo abwino ochapira ndi kuyanika. Simukudziwanso ngati mudzachire bwinobwino kapena ndi opareshoni, ndipo mayi wa opareshoni sayenera kunyamula ndowa ya madzi kapena kuwerama pa beseni kwa masabata angapo.

Pali chinthu chimodzi chimene thewera lochapa limaposa pampasi m'masiku amenewa. Ife timadziwa ngati mwana akuyamwa mokwanira powerenga mikodzo: tsiku loyamba kamodzi, lachiwiri kawiri, kumakwera choncho mpaka pofika tsiku lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi azinyowetsa matewera osachepera 6 pa tsiku ndi usiku womwe. Pa thewera lansalu mumaona ndi maso, koma pampasi imabisa mkodzo wochepa wa khanda, mayi n'kumadandaula kuti mwana sakukodza. Mukamagwiritsa ntchito pampasi, muziinyamula m'manja n'kuyerekeza kulemera kwake ndi yatsopano, kapena muziyala kathonje kapena kansalu koyera mkati mwake kuti muone ngati kanyowa. Kaya mwasankha chiti, pindani chakutsogolo kuti chithere m'munsi mwa mchombo, mchombowo ukhale pamtunda, wouma, osakhudzidwa ndi mkodzo mpaka utagwa, zomwe zimachitika mkati mwa sabata imodzi kapena ziwiri.

Nabanda:
Zikomo kwambiri amayi Anaphiri, za mchombozo sindinaziganizepo. Nkhawa yanga yaikulu tsopano ndi madzi ndi kuumitsa. Mayi a Chisomo, kodi kuchapa kwa tsiku limodzi kumadya madzi ochuluka bwanji, ndipo mumachita chiyani mvula ikagwa masiku atatu osakata? Ndikufunsa chifukwa nthawi zina pa kiyosiki pathu madzi amasiya tsiku lonse.

Mayi a Chisomo:
Ndikuuzeni mmene ndinkachitira ine, ena akhoza kusiyana nane. M'mawa ndinkathira madzi theka la ndowa ya chivindikiro ija, n'kusungunulamo sopo pang'ono. Thewera la mkodzo wokha ndinkangoliviika mmenemo. La chimbudzi ndinkayamba ndalitsukuluza m'kabeseni kapadera ndi madzi ochepa, madziwo n'kukataya ku chimbudzi, osati pa bwalo kapena mu ngalande, kenako n'kuliika m'ndowamo. M'mawa wa tsiku lotsatira ndinkataya madzi oviikirawo, n'kuchapa ndi sopo wamtanda m'madzi ofunda, kenako kutsukuluza. Pa kutsukuluza ndi pamene ambiri amanyalanyaza pofuna kusunga madzi. Sopo akatsalira mu nsalu, thewera limauma gwa ngati chikumba, limakanda mwana, ndipo likanyowa ndi mkodzo sopo uja amabwerera pakhungu. Muzitsukuluza katatu, mpaka madzi omaliza asaonetse thovu mukafinya. Zonse pamodzi kwa ine zinkadya ndowa ziwiri kapena zitatu za malita 20 pa tsiku, koma madzi otsukuluzira omaliza ndinkakolopera m'nyumba, sankatayika.

Musasiye matewera m'ndowa kupitirira tsiku limodzi nyengo yotentha, chifukwa amayamba fungo loboola mphuno ndi timadontho takuda ta nkhungu tosachoka. Jiki musamathire tsiku lililonse, amadya nsalu ndipo akapanda kutsukuluzika bwino amawotcha mwana. Mankhwala onunkhiritsa ndi kufewetsa zovala aja musaikemo konse, amachititsa kuti thewera lisamamwe mkodzo.

Za mvulazo sindikunamizani, ndi vuto lenileni. Thewera lathawulo lokhuthala limafuna dzuwa la maola angapo, ndipo m'dzinja likhoza kukhala masiku awiri lili lachinyontho. Ine ndinamanga chingwe pakhonde ndi china m'nyumba pafupi ndi zenera, ndipo ndinkafinya mwamphamvu, n'kukutumula, n'kuyanika lotambasula osapinda. Otsala achinyontho ndinkawamaliza ndi simbi. Koma musayanike pamwamba pa mbaula m'chipinda chotseka mmene mukugona khanda, utsi wa makala umapha anthu ali m'tulo. Tsiku limene madzi asiya kapena mvula yakana kukata ndi limene paketi ya mapampasi yosungira imagwira ntchito yake.

Agogo a Yamikani:
Ana anga, ndikuwonjezereni za simbiyo, chifukwa ntchito yake si youmitsa yokha. Nyengo ya mvula kuli ntchentche ina imene imaikira mazira pa zovala zachinyontho zonunkha mkodzo, makamaka zoyanikidwa pa udzu, pansi kapena pamthunzi. Mukamuveka mwana thewera lotero, mphutsi imalowa pakhungu, n'kutuluka chotupa chonga chithupsa chokhala ndi kabowo pakati, mwana n'kumalira usiku wonse. Tinkaziona kwambiri nyengo ya mango. Choncho thewera liziyanikidwa pa chingwe, padzuwa, ndipo m'dzinja lizisitidwa mbali zonse ziwiri ndi simbi yotentha bwino. Popeza mwati chingwe mumagawana ndi anzanu, mudzuke msanga kapena mumange chanu, musadzayanike pa mpanda kapena pa maluwa.

Chinanso, thewera lathawulo la m'sitolo ndi lalikulu kwa khanda la makilogalamu atatu, likapindidwa limakhala chimtolo pakati pa miyendo. Ife tinkadula zitenje zakale zofewa, zija zachapidwa mpaka utoto kutha, kapena mashiti akale a thonje, n'kupinda kangapo. Nsalu zotero zimauma msanga, ngakhale tsiku la mitambo, ndipo sizifuna ndalama. Chitenje chatsopano ayi, n'cholimba ndipo chimatulutsa utoto. Amayi anu akamabwera kuchokera kumudzi muwauze abwere nazo zakale zawo. Pobaya pini, zala zanu ziwiri zikhale mkati, pakati pa thewera ndi mimba ya mwana, ndipo pini ipingase, isaloze ku mchombo.

Nasibeko:
Ine ndikukhala ku Joni, ndipo kuno kuli matewera ansalu amakono osokedwa ngati pampasi, okhala ndi mabatani okulitsira ndi kuchepetsera, mkati mwake mumalowetsamo nsalu yomwa mkodzo. Safuna pini kapena pulasitiki, ndipo amati amodzi omwewo mwana amavala mpaka atasiya matewera. Ine ndimangowaponya m'makina ochapira madzulo, m'mawa auma. Anabanda, bwanji osatuma munthu wobwera pa basi akubweretsereni amenewa? Mtengo wake pogula ndi wokwera, koma mukawerenga zaka ziwiri mumapindula.

Mayi a Chisomo:
Anasibeko, mnzathuyu alibe makina ochapira ndipo madzi amagula pa ndowa, komanso wanena kuti ndalama yogulira kamodzi ndi yochepa. Amabataniwo ndinawaonapo kwa mlamu wanga. Nsalu yamkatiyo ndi yokhuthala, yovuta kufinya ndi manja, ndipo m'dzinja imachedwa kuuma kuposa thewera lotambasula. Komanso pa khanda la masabata oyamba anali aakulu, ankadontha m'ntchafu mpaka mwanayo atanenepa. Chimene ndingatenge pa amenewo ndi chikuto chakunjacho, chifukwa chimapuma bwino kuposa kabudula wa pulasitiki, ndipo ziwiri kapena zitatu zingakwane kuvekera pamwamba pa thewera wamba.

Anaphiri, namwino wopuma pa ntchito:
Tisaiwale funso la mawaipusi, chifukwa apa ndi pamene Anabanda angasunge ndalama popanda kutaya kanthu. M'masabata oyamba khungu la khanda ndi lopyapyala, ndipo chabwino kwambiri chopukutira ndi madzi ofunda ndi thonje la kuchipatala, lija logulitsidwa lokulunga, kapena tinsalu tofewa. Mudule thawulo lakale kapena fulanelo tizidutswa tokula ngati chikhatho, 20 kapena 30, ndipo tizichapidwa pamodzi ndi matewera. Madzi owiritsa muzisunga mu fulasiki kuti usiku musavutike ndi kukoleza moto, muzithira pang'ono m'kambale ka ntchito yokhayo, n'kuwayesa pa mkono wanu musanakhudze mwana. Sopo safunika nthawi iliyonse, madzi okha amakwana.

Kapukutidwe kake n'kofunika kuposa chopukutiracho. Kwa mwana wamkazi muzichokera kutsogolo kupita kumbuyo, kansalu kamodzi ulendo umodzi, kuti chimbudzi chisapite ku njira ya mkodzo. Kwa wamwamuna muzipukuta kunja kokha ndi pansi pa machende, musakoke khungu lakunsonga mokakamiza. M'mphechepeche ndi m'makwinya onse muzitambasula, chifukwa chimbudzi chamadzimadzi chija chimabisala mmenemo. Mukatha, muumitse mochita kugunditsa nsalu youma, osati kukhula, mumusiye kamphindi mphepo imupite, kenako mupake vaselini pang'ono wosanunkhira. Pa chimbudzi chakuda cha masiku oyamba chija vaseliniyo amathandiza kwambiri kuti chisamamatire. Paudala musathire, khanda limaupuma ndipo ukanyowa umaundana m'makwinya.

Mawaipusi ali ndi malo ake: kuchipatala, pa minibasi, kusikelo, kutchalitchi, kumene kulibe madzi. Paketi imodzi ikhoza kukhala nthawi yaitali mukamaigwiritsa ntchito pa ulendo pokha, bola muzitseka bwino kuti isaume. Pogula muwerenge pa paketipo, mufune olembedwa `fragrance free` ndi `alcohol free`. Onunkhira kwambiri aja, komanso opangidwira kupukuta manja kapena nkhope za akuluakulu, musawaike pa matako a khanda. Ndipo muzisamba m'manja ndi sopo mukatha kusintha, musanayamwitse, popeza kupukuta manja ndi waipusi sikulowa m'malo mwa kusamba.

Nankhoma:
Amayi Anaphiri, ndamva za chiwerengero chija, koma pa mawaipusi sindikugwirizana nanu kwathunthu. Usiku magetsi atazima, mwana akulira, bambo ake akufuna kugona kuti alawirire kuntchito, kuyamba kufunafuna fulasiki ndi kambale si zophweka. Ine ndinagwiritsa ntchito mawaipusi kuyambira tsiku loyamba ndipo sanasupuke. Komanso Anabanda adziwe kuti kumsika kuli mapampasi a m'mabelo, ogulitsidwa m'mapepala apulasitiki opanda dzina, otsika mtengo kwambiri kuposa a m'sitolo. Si onse oipa. Ine ndimagula zisanu poyamba n'kuyesa. Ndimayang'ana ngati zomatira zake zikugwira, ngati m'mbali muli timipanda totanuka toletsa chimbudzi kutuluka, ndiponso ngati ikanyowa siphulika n'kusiya timibulu tonga shuga wonyowa pakhungu. Zikalephera ndimasintha wogulitsa.

Anaphiri, namwino wopuma pa ntchito:
Kuyesa zochepa musanagule zambiri ndi nzeru yabwino, ndipo ndikuivomereza ngakhale pa za m'sitolo, chifukwa mtundu umene wayanja mwana wina ukhoza kumufiiritsa wina. Ndingowonjezera kuti za m'belo zimene zakhala zosatsekedwa pa benchi, pafumbi ndi pachinyontho, sindingaveke khanda limene mchombo wake sunagwe. Musaunjikenso saizi yaing'ono. Saizi 1 pa mapaketi ambiri imalembedwa makilogalamu 2 mpaka 5, ndipo mwana wobadwa ndi makilogalamu atatu ndi theka, amene akuwonjezera magalamu 150 mpaka 200 pa sabata, amaipitirira mkati mwa miyezi iwiri kapena itatu. Mukaona mizere yofiira m'ntchafu kapena zomatira zikufika movutikira, ndiye kuti yachepa.

Bambo a Takondwa:
Pali mtengo wina umene sitinautchule, wa kutaya. Mapampasi 300 pa mwezi, pa malo a lendi a mabanja anayi, mudzawataya kuti? M'chimbudzi chokumba musaponyemo, chifukwa saola, amafufuma ndi madzi, chimbudzi chimadzaza msanga ndipo opopa amavutika nawo, mapeto ake ndi mkangano ndi a landilodi. Pa dzala agalu amafukula n'kuwamwaza pakhomo pa anzanu. Kuwotcha kumavuta chifukwa ndi onyowa, amangofuka utsi wa pulasitiki. Amene amadutsa m'mbali mwa Nasolo kapena Mudi nthawi ya mvula akudziwa kumene ambiri amathera. Ife ochepa amene tinkagwiritsa ntchito pa ulendo tinkachotsa chimbudzi n'kutaya koyenera, pampasiyo n'kuikulunga ndi zomatira zake, kuimanga m'jumbo, n'kuikwirira mozama kumbuyo kwa nyumba, koma izi zimatheka pokhapokha ali ochepa ndipo muli ndi malo.

Agogo a Yamikani:
Ine chimene chimandidetsa nkhawa ndi kutentha. Ndimamva anthu akunena kuti mwana wamwamuna wokulira mu pampasi amadzavutika kubereka, ndipo ena amati thewera lokhuthala limapangitsa matewe. Amayi Anaphiri, inu munagwira ntchito kuchipatala, zimenezi n'zoona?

Anaphiri, namwino wopuma pa ntchito:
Agogo, palibe umboni woti pampasi imalepheretsa mwana kudzabereka, ndipo thewera silipinda mafupa. Makanda ambiri amabadwa miyendo ili yokhotako chifukwa cha mmene anakhalira m'mimba, ndipo imawongoka yokha akamakula ndi kuyenda. Kutentha kumene ndimakuopa ine ndi kwa kabudula wa pulasitiki wovekedwa pa thewera lonyowa usiku wonse, chifukwa amatsekera chinyezi ndi mkodzo pakhungu.

Popeza tafika pa za khungu, ndifotokoze mmene mungasiyanitsire zotupa, chifukwa zimabwera ndi mitundu yonse iwiri ya matewera. Kupsa ndi mkodzo wamba kumaoneka kufiira pa malo otukuka amene amakhudzana ndi thewera, monga pa matako ndi pamwamba pa ntchafu, koma mukatambasula makwinya mumapeza mkati muli bwinobwino. Kumeneku mankhwala ake ndi kusintha pafupipafupi, kusiya mawaipusi n'kubwerera ku madzi, kumugoneka pa thewera lotambasula osamuveka kangapo pa tsiku, ndi kupaka mafuta okhala ndi zinki kapena vaselini. Pakatha masiku atatu kuyenera kuyamba kuchepa. Koma mukaona kufiira kwambiri kolowa mpaka m'makwinya, kokhala ndi timadontho tofiira tomwazikana m'mbali mwake, kosamva vaselini, kawirikawiri ndi fangasi, ndipo muyang'anenso m'kamwa ngati muli zoyera zosachoka pa lilime ndi m'masaya. Zimenezo zimafuna mankhwala a kuchipatala. Musapake mafuta a m'machubu ogula pamsika, makamaka aja ena amayeretsera khungu, chifukwa ambiri muli mankhwala amphamvu amene amapyapyalitsa khungu ndi kukulitsa fangasi, ndipo pansi pa thewera amalowa m'thupi mwa khanda mosavuta.

Matuza, mafinya, kufiira kozungulira mchombo, kukana kuyamwa, kapena kutentha thupi kofika madigiri 38 pa mwana wosakwana miyezi itatu si nkhani ya thewera ayi, mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso chimbudzi chotuwa moyera kapena chamagazi.

Nabanda:
Ndathokoza nonse. Mmene ndamvera, ndigula matewera athawulo 18 m'malo mwa 24, popeza amayi abwera ndi zitenje zakale zimene tidule kuti zikwaniritse chiwerengero ndiponso ziziuma msanga. Ndigula paketi imodzi yaikulu ya saizi 1 ya kuchipatala ndi sabata yoyamba, zotsala ndisungire masiku opanda madzi ndi a kusikelo, ndipo ina ndidzagula ndikadziwa kulemera kwa mwana ndi mmene ndachirira. Mawaipusi paketi imodzi yokha, thonje, vaselini, ndowa ya chivindikiro ndi chingwe changachanga. Chimene chikundivutabe ndi usiku amayi akadzabwerera kumudzi. Kodi ndizimuveka pampasi usiku wokha, zomwe ndi ziwiri kapena zitatu pa tsiku, kapena thewera ndi pulasitiki? Amayi Anaphiri akuti pulasitiki imatsekera chinyezi, koma popanda pulasitiki zofunda zonse zinyowa, ndipo m'dzinja bulangete siliuma.

Mayi a Chisomo:
Ine usiku ndinkaveka matewera awiri ophatikiza ndi pulasitiki yosathina, n'kumasintha nthawi iliyonse akadzuka kuyamwa, ndipo pansi pake ndinkayala pepala la pulasitiki lokutidwa ndi chitenje. Popeza khanda limadzukabe maola awiri kapena atatu alionse, thewera silikhalitsa lonyowa.

Nankhoma:
Anabanda, izo zimatheka mwezi woyamba, amayi anu ali pomwepo. Akadzapita, bambo ali kuntchito, inu nokha mukuyamwitsa, kutunga madzi, kuchapa ndi kusita, mudzaona kuti mapampasi 60 kapena 90 a usiku pa mwezi si kuwononga ndalama. Muike ndalama yake pambali kuyambira panopa, ndipo bambo a kunyumba muwauziretu kuti kutunga madzi a matewera ndi kwawo asanapite kuntchito, chifukwa ndowa zitatu pa tsiku mayi amene wangochira kumene sangazikwanitse.